Kulemera kwa Tiyi Kuchokera Kuti? Mafunso ndi Mayankho pa Kalembedwe ka Mafunso Osankha a Bayoloje

Munthu akaima pa Luchenza m'mawa kutacha bwino, naona phiri la Mulanje kum'mawa ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo itayalidwa ngati mphasa yobiriwira kumadzulo, angathe kuganiza kuti mwana wobadwira kuno, amene mayi ake athyola tiyi zaka zambiri, sangavutike ndi phunziro la kakulidwe ka zomera. Ine amene ndaphunzitsa bayoloje m'dera lino ndinaona kuti mwana wotereyu ndiye amafika m'kalasi ali kale ndi nzeru zake zozika mizu, zina zoona ndi zina zopotoka, ndipo zopotokazo sizizuka ndi mawu a mphunzitsi okha. Aphunzitsi achinyamata akhala akundifunsa za kalembedwe ka mafunso osankha yankho pa A, B, C ndi D, ndipo ndasonkhanitsa pano mafunso awo ena pamodzi ndi zimene ndimawayankha.

*Bambo, popeza yankho lokhoza ndi limodzi, n'chifukwa ninji mumataya nthawi yaitali pa mayankho atatu olakwa?*

Chifukwa chake n'chakuti yankho lokhoza limakuuzani chinthu chimodzi chokha, chakuti mwana wadziwa kapena wagwera mwamwayi, pamene yankho lolakwa, likalembedwa mwanzeru, limakuuzani chimene chili mumtima mwa mwanayo m'malo mwa choonadi. Mukafunsa kuti zomera zimapanga chakudya chake m'chiwalo chiti, n'kuika mayankho akuti tsamba, mwala, nsapato ndi mtambo, mwana aliyense adzasankha tsamba, ndipo inu mudzatuluka m'kalasi mukukondwera, osadziwa kuti theka la anawo likukhulupirirabe kuti chakudya cha chimanga ndi feteleza. Funso lotere nlokongola pamaso pokha, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Mayankho olakwawa ine ndimawatcha nyambo, ndipo lamulo langa ndi lakuti nyambo iliyonse iimire ganizo limodzi lolakwika limene ndingathe kulitchula dzina ndisanapereke mayeso. Ngati sindingathe kunena kuti "mwana wosankha B akuganiza zakutizakuti," ndiye kuti B wangodzaza malo ndipo ayenera kufufutidwa.

*Nanga nyambozo mumazitenga kuti?*

M'kamwa mwa ana, osati m'mutu mwanu kapena m'buku. Sabata imodzi musanalembe funso losankha, funsani funso lomwelo popanda mayankho, anawo alembe ziganizo ziwiri kapena zitatu pa kapepala kopanda dzina, m'Chingerezi kapena m'Chichewa monga afunira, pakuti mwana akamaopa kulakwitsa chinenero amabisa ganizo lake n'kukopera mawu a m'buku. Mukatolera timapepalato, tiunjikeni pa tebulo milumilu monga mayi asankhula nyemba, aliyense wonena zofanana ndi mnzake pa mulu umodzi. Kawirikawiri mudzapeza milu ikuluikulu itatu kapena inayi ndi tina tobalalika. Milu ikuluikulu yolakwa ndiyo nyambo zanu, ndipo polemba musunge mawu a anawo momwe mungathere, kuti mwana akaliona yankholo alizindikire ngati lake.

Njira imeneyi si yanga ayi. Mphunzitsi wa ku Australia, David Treagust, anailongosola bwino m'chaka cha 1988, atayamba wayesa ndi mnzake Haslam mu 1987 pa nkhani yomweyi ya fotosinthesisi ndi kapumidwe ka zomera. Ana a kutsidya kwa nyanja anapezeka ndi maganizo ambiri ofanana ndi a ana athu, komabe musakopere nyambo zawo osayamba mwamva ana anu, pakuti mwana wa ku Luchenza ali ndi zake zochokera kumunda ndi kuesiteti zimene mwana wa mumzinda wa kutali sanazimvepo.

*Tatiwonetsani funso limodzi kuyambira pachiyambi mpaka pomaliza.*

Ndidzatenga funso limene ndalikonda koposa onse, ndipo ndidzaulula ndi zolakwa zimene ndinachita polilemba. Poyamba ndinalemba motere: "Chitsamba cha tiyi chadulidwa, ndipo patapita miyezi chaphuka masamba atsopano. Gawo lalikulu la kulemera kwa masambawo lachokera kuti?" Yankho limene ndinkafuna linali lakuti lachokera ku mpweya.

Funsoli linali ndi zilema ziwiri, ndipo zonse ziwiri anandionetsa ndi ana. Mtsikana wina, amene bambo ake ankagwira ntchito m'fakitale ya tiyi, ananena mwaulemu kuti tsamba laliwisi nlodzala madzi, popeza pamafunika makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Tsono ngati tifunsa za kulemera kwa tsamba monga lili pa chitsamba, yankho loona ndi madzi. Ananena zoona, ndipo ndinayenera kuwonjeza mawu akuti "atachiumitsa kotheratu." Chilema chachiwiri chinali chobisika kuposa apo. Tiyi akadulidwa amatsala wopanda masamba, ndipo mphukira zoyamba zimakula ndi sitalichi amene chitsamba chinasunga m'mizu. Kotero mwana woyankha kuti "zachokera kumizu" akhoza kukhala wodziwa kwambiri, osati wosokera. Sitalichiyo naye anachokera ku mpweya miyezi yapitayo, koma funso losankha silipatsa mwana malo ofotokozera zimenezo. Ndinachotsa nkhani ya kudula, ndipo funso linakhala lotere:

Mbande ya tiyi inabzalidwa m'munda, ndipo patapita zaka 5 inali chitsamba chachikulu. Atachizula ndi kuchiumitsa kotheratu, anachiyeza pa sikelo. Gawo lalikulu la kulemera kwake linachokera kuti?

A. Ku dothi limene mizu inayamwa
B. Ku feteleza amene ankathira chaka ndi chaka
C. Ku mpweya umene unkalowa m'masamba
D. Ku kuwala kwa dzuwa kumene kunkagwa pa masamba

Yankho ndi C, ndipo mphunzitsi ayenera kudziwa chifukwa chake mpaka pansi asanaimirire pamaso pa ana. Masamba amatenga kaboni dayokosaidi mumpweya kudzera pa timabowo tating'ono, namuphatikiza ndi madzi ochokera kumizu, motere:

6CO2 + 6H2O → C6H12O6 + 6O2

Pa magalamu 180 a shuga wopangidwa chotero, magalamu 72 ndi kaboni, 96 ndi okosijeni, ndipo 12 okha ndi hayidirojeni wochokera m'madzi. Kaboni yenseyo anabwera ndi mpweya, ndipo shugayo ndiye amasanduka sitalichi ndi ulusi wolimba wa thunthu ndi nthambi. Mchere wa m'nthaka ndi wa feteleza ndi wofunika ndithu, popanda iwo chomera chimachita chikasu n'kupinimbira, koma pa sikelo ndi kagawo kochepa, konga phulusa lotsala nkhuni zikapsa.

Tsono taonani chimene nyambo iliyonse ikuulula. Wosankha A akuganiza kuti chomera chimadya dothi monga mbuzi idya msipu, mizu n'kukhala pakamwa pake. Wosankha B wamva kuyambira ali wakhanda kuti feteleza ndi chakudya cha mbewu, ndipo waona ndi maso ake kuti munda wothiridwa umabereka koposa wosathiridwa. Sakunama pa zimene waona, walakwa pa kumasulira kokha. Wosankha D wamvetsera m'kalasi, wadziwa kuti dzuwa lili m'nkhaniyi, koma sanasiyanitse mphamvu ndi chinthu chokhala ndi kulemera. Ndipo onse atatu akukana C pa chifukwa chimodzi chimene sachinena: mumtima mwawo mpweya sulemera, ndipo chinthu chosaoneka sichingasanduke mtengo wothyola nkhwangwa. Sitingawadzudzule msanga, pakuti kaboni dayokosaidi ndi magawo 4 okha pa magawo 10,000 a mpweya.

Ndimakonda kuwauza anawo za Jan Baptist van Helmont, amene zolemba zake zinatuluka mu 1648. Iye anabzala kamtengo ka makilogalamu oposa 2 pang'ono mumphika wa dothi louma la makilogalamu pafupifupi 90, nakathirira madzi okha zaka 5. Mtengo unafika makilogalamu pafupifupi 77, pamene dothi linachepa ndi magalamu osafika 60. Anagwetsa yankho A ndi sikelo, koma iye mwini anagamula kuti mtengo wonse wachokera m'madzi, popeza za mpweya umene masamba amatenga zinali zisanadziwike. Mwana akamva kuti munthu wophunzira chotero anaphonya pomwe iye waphonya, manyazi amachoka ndipo amayamba kufunsa.

*Ana atayankha, mumawerenga bwanji zotsatira?*

Musathamangire kuwerenga okhoza okha. Werengani chilembo chilichonse. Tiyerekeze kuti muli ndi ana 60, ndipo 9 asankha A, 24 asankha B, 15 asankha C, 12 asankha D. Okhoza ndi mmodzi mwa anayi alionse, chimodzimodzi ndi zimene zikanatuluka onse akanangolota. Koma akanalota, chilembo chilichonse chikanalandira ana pafupifupi 15. Mulu wa 24 pa B ndiwo umboni wakuti anawo sanalote, anasankha chimene amakhulupirira, ndipo phunziro la mawa liyenera kuyambira pa thumba la feteleza.

Kenaka sanjani mapepala monga mwa malikisi a mayeso onse, mutenge apamwamba ndi apansi, mbali iliyonse magawo 27 pa 100, monga analangizira Truman Kelley mu 1939. Pa ana 60 ndiye kuti 16 pamwamba ndi 16 pansi. Tinene kuti mwa apamwamba 8 asankha C, 4 asankha D, 3 asankha B, mmodzi A. Mwa apansi 8 asankha B, 4 asankha A, 2 asankha C, 2 asankha D. Chotsani 2 pa 8, mugawe ndi 16, mupeza pafupifupi 0.38, ndipo nambala yotere imasonyeza kuti funso likusiyanitsa bwino odziwa ndi osadziwa. Ikadza pafupi ndi 0, kapena apansi akaposa apamwamba pokhoza, funso lili ndi chilema, mwina mawu ake ali pawiri, mwina inu mwini mwalakwitsa yankho.

Koma chimene chimanditengera mtima m'chiyerekezo ichi ndi D, amene wakoka ana ochenjera ambiri kuposa ofooka. Nyambo ikatero muyenera kuima ndi kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani mwadzifunsa ngati D alibe choonadi china chimene simunachione, monga zinandichitikira ine ndi madzi aja. Mukapeza kuti ndi wolakwa ndithu, dziwani kuti kulakwa kumeneku sikunachokere kumudzi koma m'kalasi mwanu momwe: mwina munanena kuti zomera zimapanga chakudya "kuchokera ku dzuwa," ndipo ana omvera anasunga mawuwo monga munawanenera. Namsongole wina amafesedwa ndi mwini munda, dzanja lake lomwe likufesa tirigu.

Nyambo imene sinakoke ngakhale ana 3 mwa 60 yafa; ichotseni. Funso la mayankho atatu amoyo liposa la anayi lokhala ndi mtembo umodzi.

*Bwanji ngati mwana wakhoza, koma pa chifukwa cholakwika?*

Apa mpamene funso la zigawo ziwiri limathandiza, limene Treagust uja analimbikitsa: chigawo choyamba chimafunsa chimene chimachitika, chachiwiri chimafunsa chifukwa chake, ndipo mwana amawerengedwa wokhoza akakhoza zonse ziwiri. Ngati chigawo chilichonse chili ndi mayankho anayi, mwayi wa wolota umatsika kuchoka pa 1 mwa 4 kufika pa 1 mwa 16.

Nkhani yoyenera njira imeneyi ndi kapumidwe ka zomera, pomwe chinenero chathu chomwe chimatchera msampha. Mawu akuti "kupuma" timawagwiritsa ntchito ponena za kukoka ndi kutulutsa mpweya pa mphuno, ponena za kuleka ntchito, ndiponso m'kalasi ponena za kuphwanyidwa kwa shuga m'maselo kuti patuluke mphamvu. Funsani kuti chitsamba cha tiyi chimagwiritsa ntchito okosijeni liti: masana okha, usiku wokha, usana ndi usiku, kapena sichimugwiritsa ntchito konse. Ambiri adzati usiku wokha, poganiza kuti chomera chimasinthana ntchito monga alonda, fotosinthesisi masana ndi kupuma usiku. Ena adzakhoza kuti usana ndi usiku, koma pa chigawo chachiwiri n'kusankha chifukwa chakuti "timabowo ta masamba timakoka ndi kutulutsa mpweya monga mphuno," kusonyeza kuti sanamvetse konse. Chifukwa choona n'chakuti selo lililonse lamoyo, la muzu, la thunthu kapena la tsamba, limafuna mphamvu nthawi zonse. Masana kupumako kumangobisika, popeza masamba akutulutsa okosijeni wochuluka kuposa amene akumugwiritsa ntchito. Mlimi amene anaona chimanga chikufota m'dambo lodzala madzi waona kale umboni wake: mizu yasowa mpweya.

*Kodi uku si kuwatchera ana misampha?*

Ayi. Msampha umagwira mwana wodziwa pa chifukwa cha mawu okhotakhota, monga kubisa "si" kapena "osati" pakati pa chiganizo chachitali. Nyambo yabwino siikoka mwana wodziwa ngakhale pang'ono, imangopatsa malo ganizo limene wosadziwa anali nalo kale. Chifukwa chake samalani kuti yankho lokhoza lisakhale lalitali ndi lokongola kuposa anzake, lisabwereze mawu a m'funso, ndipo lisakhale pa chilembo chimodzimodzi kawirikawiri, pakuti ana amazindikira zizolowezi za mphunzitsi msanga kuposa phunziro. Pewaninso yankho lakuti "zonsezi" kapena "palibe mwa izi," chifukwa wosankha limenelo sakuuzani chimene akuganiza. Ndipo mafunso a mtundu uwu musawaike pa malikisi a pa lipoti. Mwana akadziwa kuti palibe chilango amasankha chimene amakhulupirira, osati chimene akuganiza kuti aphunzitsi akufuna.

*Nanga zimene ana amamva kwa makolo, monga za malungo, tizilembe ngati mayankho olakwa osanyoza akuluakulu?*

Zilembeni mwaulemu ndi mwachilungamo, monga momwe anthu amazinenera. Kuti malungo amadza ndi mango aawisi kapena ndi kuvumbwa ndi mvula si uchitsiru. Mango amapsa pamene mvula ikuyamba, udzudzu umaswana m'zithaphwi nthawi yomweyo, ndipo akuluakulu anaona bwino kuti zinthuzi zimadzera limodzi. Vuto lake n'lakuti mukafunsa molunjika kuti chimafalitsa malungo n'chiyani, mwana aliyense adzati udzudzu, popeza ali ndi yankho la kusukulu ndi yankho la kunyumba, ndipo amadziwa loyenera kupereka kwa yani.

Tsono funsani pang'ono pambali. Funsani chimene udzudzu waukazi wa anofelesi umasiya m'thupi la munthu ukamuluma: madzi akuda a m'chithaphwi chimene unamwa, magazi a wodwala amene unamuluma poyamba, tizilombo totuluka ndi malovu ake, kapena ululu wobadwa nawo. Yankho ndi lachitatu, pakuti kachilombo ka pulasimodiyamu kamakhala masiku 10 kapena kuposerapo kakukula m'thupi la udzudzu kasanafike m'malovu, monga zinayamba kudziwika ndi ntchito ya Ronald Ross mu 1897 ndi zaka zotsatira. Samalani kwambiri ndi ana osankha magazi a wodwala, chifukwa ameneyo ndiye muzu wa mantha akuti udzudzu ungafalitse kachilombo ka Edzi, zimene sizichitika: udzudzu sulavula magazi amene unayamwa, ndipo kachilomboko sikakula m'thupi lake.

Chimodzimodzi ndi za chibadwa. Tiyi wa m'maesiteti monga Satemwa ndi Makandi amadulidwa kuti akhale wofika m'chiuno, zaka makumimakumi; funsani kuti njere ya chitsamba chotere ikamera n'kusiyidwa osadulidwa idzakula motani. Mwana wonena kuti idzakhala yaifupi popeza kholo lake linazolowera wakuululirani kuti akuganiza kuti zochitikira thupi la kholo zimapita kwa mwana. Njereyo idzakhala mtengo wautali kuposa denga la nyumba.

*Popeza mayeso a MANEB amalembedwa m'Chingerezi, kodi si bwino kungozoloweza ana mafunso a zaka zapitazo?*

Mafunso a zaka zapitazo ali ndi ntchito yake, ndipo mwana wokonzekera JCE kapena MSCE ayenera kuwaona. Koma mayeso a dziko lonse analembedwa kuti ayeze ndi kusanja ana a zigawo zonse, pamene funso lanu lalembedwa kuti likuuzeni chophunzitsa Lolemba m'kalasi lanu. Ndipo Chingerezi chimabisa zinthu ziwiri m'thumba limodzi: mwana wolephera funso mwina sadziwa bayoloje, mwina sanamve liwu limodzi. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi. Perekani funso lomwelo kwa theka la kalasi m'Chingerezi ndi kwa theka lina m'Chichewa, mutawasakaniza ochenjera ndi ofooka mbali zonse. Ngati milu ya mayankho ifanana, vuto lili m'ganizo, koma ngati a Chichewa akhoza ambiri, vuto lili m'mawu ndipo mankhwala ake ndi ena.

*Tapeza kuti ana 24 ali pa feteleza. Mawa tichite chiyani?*

Musalengeze yankho msanga. Lembani pa bolodi chiwerengero cha chilembo chilichonse, mukhazike wa B pamodzi ndi wa C ndi wa D m'magulu a anayi, aliyense ateteze chimene anasankha, inu mukuyendayenda ndi kumvetsera, pakuti pamenepo mudzamva maganizo ena amene sanalowe m'mayankho anu anayi, ndipo amenewo ndiwo nyambo za chaka chamawa. Kenaka bweretsani umboni wogwirika ndi manja. Afunseni matumba angati a feteleza a makilogalamu 50 amene makolo awo amathira m'munda, ndi matumba angati a chimanga chouma amene amakolola, osawerengera mapesi ndi zitsononkho. Iwo eni adzaona kuti chotuluka chiposa cholowa kutalitali, ndipo funso lakuti chotsalacho chachokera kuti lidzakhala lawo.

Pambuyo pake chitani zoyesa za ayodini. Ikani chomera cha m'chitini mumdima masiku awiri kuti sitalichi athe m'masamba. Tsekerani tsamba limodzi, lili pa chomera pomwepo, m'botolo kapena m'jumbo yoonekera m'kati momwe mwaikamo sodiyamu hayidirokosaidi, amene amayamwa kaboni dayokosaidi, ndipo mankhwalawo muwagwire inu nokha chifukwa amawotcha khungu. Tsamba lina litsekereni chimodzimodzi koma ndi madzi okha. Chomeracho chikhale padzuwa maola angapo. Mukawiritsa masamba awiriwo m'madzi, n'kuwachotsa kubiriwira mu sipiriti wotenthetsedwa m'madzi otentha kutali ndi lawi, n'kudonthezera ayodini, tsamba limene linali ndi mpweya wonse lidzada bii, pamene linzake lidzakhala lofiirira monga ayodini mwini. Dothi linali limodzi, feteleza mmodzi, dzuwa limodzi. Patapita milungu itatu kapena inayi funsaninso funso lija mutalisintha chovala, m'malo mwa tiyi muike mtengo wa bulugamu kapena chinangwa, n'kuwerenganso kuti pa B patsala angati.